Mlungu wa pemanganeti: kupeza mlingo wake poyeza kuwala

Ntchito imene inadza mlungu uno mu labotale inali botolo la madzi a mtundu wa pepo, osungunuliramo potaziyamu pemanganeti, ndipo eni ake ankafuna kudziwa kuti mu lita imodzi muli mankhwala ochuluka bwanji. Pemanganeti ali ndi mtundu wakewake, choncho safunika kuthiridwa china chilichonse kuti aoneke. Timangowalitsa kuwala m'madzimo ndi makina otchedwa sipekitirofotomita, n'kuona gawo limene lamezedwa.

Maziko ake ndi lamulo la Beer-Lambert. Pierre Bouguer mu 1729 ndi Johann Lambert mu 1760 anafotokoza mmene kuwala kumacheperachepera malinga ndi kutalika kwa njira imene kwadutsa, ndipo August Beer mu 1852 anaonjezera mbali ya kuchuluka kwa mankhwala. Timalilemba chonchi:

A = ε × l × c

A ndi abusobansi, nambala imene makina amaonetsa. Chilembo l ndi kutalika kwa njira ya kuwala m'kabotolo koyezera, kyuveti, ndipo kawirikawiri ndi 1 cm. Chilembo c ndi mlingo wa mankhwala m'madzi, pamene ε amasonyeza mphamvu imene mankhwalawo amamezera kuwala kwa mtundu umene mwasankha. Ngati ε ndi l sizisintha, mlingo ukawirikiza kawiri A nayenso amawirikiza kawiri. Koma A sayenda limodzi ndi maso athu. A akakhala 1, kuwala kumene kwadutsa ndi 10 peresenti. Akakhala 2 ndi 1 peresenti. Akakhala 3 ndi 0.1 peresenti chabe. Zimenezi zinabweranso Lachitatu.

Lolemba lonse linathera pa botolo lalikulu lochokeramo masitandadi, madzi a mlingo wodziwika amene timayerekezera nawo sampulo. Kuti mupeze 0.0200 mol/L mumayeza pafupifupi 3.16 g n'kusungunula mu lita imodzi ya madzi otcheza, poti molo imodzi imalemera 158.03 g. Sikelo yokha sitiidalira, chifukwa pemanganeti sakhala woyera bwinobwino ndipo amalimbana ndi tizinyalala tilitonse ta m'madzi n'kusanduka manganizi dayokisaidi, tifumbi tabulauni. Choncho madziwo timawawiritsa, n'kuwasiya agone usiku, kenako n'kuwasefa ndi sefa yagalasi. Pepala losefera siligwira ntchito pano, limadya pemanganeti. Akasefedwa amasungidwa m'botolo lakuda, ndipo mlingo weniweni umatsimikizidwa pa taitireshoni, kudonthezera madziwo mu sodiyamu okisaleti wa mlingo wodziwika amene ali mu asidi wa salufuriki wofunditsidwa. Botolo la mlungu uno linali litaphikidwa kale, moti Lolemba kunali kusefa ndi kutsimikiza, ndipo linatuluka 0.0200 mol/L. Ntchitoyi ndi yotopetsa, koma botololi likaphonya ndi 3 peresenti, mayankho onse a mlunguwo aphonya ndi 3 peresenti yomweyo ndipo galafu sidzakuuzani.

Lachiwiri tinakonza masitandadi. Poyamba 25.00 mL ya m'botolo lija inalowa m'fulasiki ya 500 mL n'kudzazidwa madzi mpaka pamzere, kupereka 1.00 mmol/L. Pamenepo tinatunga 5, 10, 20, 30 ndi 40 mL, uliwonse m'fulasiki yakeyake ya 100 mL. Sitandadi aliyense amachokera mwachindunji m'fulasiki ya 500 mL ija. Ena amakonda kutunga wachiwiri mwa woyamba, wachitatu mwa wachiwiri, koma mukatero cholakwika chimodzi chimayenda mzere wonse. Podzaza, pansi pa kuphindika kwa madzi m'khosi mwa fulasiki pazikhudza mzere diso lili pa msinkhu womwewo, ndiye muziitembenuza kangapo mutatseka. Fulasiki yosasakaniza bwino imakhala yakuda pansi, yosukuluka kukhosi, ndipo chimene mumatunga choyamba ndi cha kukhosiko.

Makina amafuna mphindi 20 kapena 30 atayatsidwa kuti nyale ikhazikike. Kenako tinayendetsa sitandadi wapakati pa mitundu ya kuwala kuchoka pa 400 mpaka 700 nm, kutanthauza nanomita, kuti tione pamene amamezera kuwala kwambiri. Pemanganeti amaonetsa nsonga zingapo zoyandikana pa kuwala kobiriwira, ndipo yaitali kuposa zonse ili pafupi ndi 525 nm, ina ikuitsatira pafupi ndi 545 nm. Timayezera pansonga penipeni pa zifukwa ziwiri. Pamenepo ndi pamene mlingo wochepa umaonekera bwino, komanso pamwamba pa nsonga ndi pafulati pang'ono, moti makina akaterereka ndi nanomita imodzi A sasintha kwenikweni. Mukayezera m'mbali motsetsereka, kuterereka komweko kumasuntha nambala yonse.

Bulanki inali madzi otcheza omwe aja, mu kyuveti yomwe ija, ndipo ndi imene inaika makina pa 0.000. Tinayamba ndi sitandadi wosukuluka kwambiri kukwera m'mwamba, kyuveti ikutsukuluzidwa kawiri ndi madzi amene akubwerawo. Nambala zinali izi: 0.050 mmol/L anapereka 0.122, 0.100 anapereka 0.241, 0.200 anapereka 0.483, 0.300 anapereka 0.720, ndipo 0.400 anapereka 0.962. Mzere wowongoka wodutsa bwino m'madontho asanuwa ndi uwu, c ali mu mmol/L:

A = 2.399 × c + 0.002

Kupendekera kwa 2.399 kukutanthauza kuti ε ali pafupi ndi 2,400 L/(mol·cm), mmenenso pemanganeti amadziwikira pa 525 nm. Wina angafunse kuti bwanji osangotenga ε wa m'buku n'kusiya masitandadi. Yankho n'lakuti ε amene makina anu amaona amadalira kukula kwa kampata kotulukira kuwala, kulondola kwa nanomita zake, ndi kyuveti yanu. Nambala ya m'buku ndi yofanizira chabe: mzere ukanatuluka 1.9, tikanabwerera ku botolo la Lolemba tisanayeze kanthu. Ka 0.002 kakumapetoko kakusonyeza kuti mzere ukudutsa pafupi kwambiri ndi ziro. Kakanakhala 0.05, tikanakayikira bulanki kapena kyuveti yakuda.

Lachitatu ndilo linali tsiku la sampulo, ndipo ndi pamene anthu ambiri amagwera m'mbuna. Titaithira mu kyuveti mmene inabwerera, makina anaonetsa 2.95. Nambala yooneka bwino, yokhala ndi madesimo ake, ndipo mukaiika mu fomula ija imapereka 1.23 mmol/L. Yankho limeneli n'labodza. Choyamba, mzere wathu umathera pa 0.962, ndipo kupitirira pamenepo palibe sitandadi wotichitira umboni. Chachiwiri ndi kuwala kosochera. M'makina aliwonse muli kakuwala pang'ono kamene kamafika pa diso lake kasanamezedwe, mwina ka mtundu wina umene mankhwalawo sameza, mwina kolowera m'mbali. Pa A wa 0.5 kameneka n'kosawerengeka. Koma madzi akada mpaka kuwala koyenera kutatheratu, diso la makina limatsala likuona kosocherako kokha. Kakakhala 0.1 peresenti, makinawo sangaonetse A woposa 3 ngakhale muthiremo inki. Pa galafu zimaoneka ngati mzere ukuwerama n'kugona chafulati kumtunda, ndipo nthawi zonse yankho limatuluka lotsika kuposa loona.

Njira yodziwira ndi yosavuta. Onjezerani madzi kuti mlingo utsike ndi theka, muyezenso. Ngati A sanatsike ndi theka, munali kunja kwa dera limene lamulo limagwira. Sampuloyi itatsitsidwa ndi theka inangosuntha pang'ono, kufika pafupi ndi 2.7. Ndiye tinatunga 10.00 mL m'fulasiki ya 100 mL, kutsitsa mlingo kakhumi, ndipo tinakonza mafulasiki atatu osiyana. Anapereka 0.584, 0.587 ndi 0.587, pakati pake 0.586, imene ili mkatikati mwa masitandadi. Kuwerengera kwake:

c = (0.586 − 0.002) ÷ 2.399 = 0.2434 mmol/L

Umenewu ndi mlingo wa m'fulasiki. Wa m'botolo la eni ake ndi kuchulukitsa ndi 10, kupeza 2.434 mmol/L, ndipo kuchulukitsanso ndi 158.03 kumapereka pafupifupi 385 mg/L. Choncho nambala ya 2.95 ija ikanatipatsa theka lokha la zoona. Onani kuti mafulasiki atatu aja anakonzedwa payekhapayekha. Kuwerenga fulasiki imodzi katatu kumangoyesa makina, osati dzanja la wogwira pipeti.

Tsiku lomwelo, sampulo isanayezedwe, tinakonza sitandadi watsopano wa 0.250 mmol/L wotsimikizira mzere. Malinga ndi fomula anayenera kupereka 0.602, ndipo anapereka 0.600. Popanda ameneyu mzere wa dzulo sitiukhulupirira lero.

Lachinayi linali lofufuza zing'onozing'ono zimene zimasuntha nambala, poti panali ophunzira ntchito ofunika kuziona ndi maso. Chidindo cha chala pa mbali yowala ya kyuveti chimakweza A, n'chifukwa chake timaigwira m'mbali zosaonekera mkati n'kuipukuta ndi kapepala kofewa. Kathovu kamodzi komamatira m'kati kamamwaza kuwala, ndipo chizindikiro chake ndi nambala yosakhazikika, imene imatsika mukagogoda kyuveti ndi chikhadabo. Madzi akakhala ochepa, kuwala kumadutsa pamwamba pake ndipo nambala imasokonekera kotheratu. Madzi a matope nawo amanamiza mofanana ndi thovu: makina sasiyanitsa kuwala komezedwa ndi komwazidwa, onse amangowerenga kuti kwasowa.

Lachisanu tinayezanso masitandadi a Lachiwiri, amene tinawasiya dala patebulo powala. Wa 0.050 anali atayamba kufiirira ndipo anatsika kuchoka pa 0.122 kufika pa 0.104, pamene wa 0.400 anachoka pa 0.962 kufika pa 0.941. Onse anataya pafupifupi mofanana, chifukwa tizinyalala ta m'fulasiki iliyonse tinadya pemanganeti wolingana, koma kwa wosukulukayo kutayako ndi gawo lalikulu. Chochenjeretsa n'chakuti madonthowo anakhalabe pamzere wowongoka, ndipo R², nambala yosonyeza mmene madontho atsatirira mzere, anali akadali 0.999. Chimene chinaulula ndi kanambala kakumapeto kaja, kamene kanachoka pa 0.002 kupita pansi pa ziro, pafupi ndi −0.017. Umboni wina uli pa 420 nm, pamene pemanganeti watsopano sameza kuwala kwenikweni koma manganizi dayokisaidi amameza. Pamenepo A anali atakwera. Tikanayeza sampulo ija ndi mzere wakalewu, yankho likanakwera kufika pafupi ndi 2.5 mmol/L. N'chifukwa chake masitandadi osukuluka a pemanganeti amakonzedwa tsiku loyezera, kapena amatsimikizidwa ndi watsopano monga tinachitira Lachitatu.

Pa lipoti tinalemba 2.43 mmol/L, kapena kuti 385 mg/L ya KMnO₄, yoyezedwa pa 525 nm mu kyuveti ya 1 cm, sampulo itatsitsidwa kakhumi, pa mzere wa masitandadi asanu ochokera pa 0.050 mpaka 0.400 mmol/L. Manambala atatu okha, poti pipeti, fulasiki ndi taitireshoni ya Lolemba sizingatipatse wachinayi wodalirika. Pansi pake tinaonjezera tsiku limene botolo linafika ndi tsiku loyezera, chifukwa pemanganeti wa eni akeyo nayenso amasukuluka akakhalitsa.