Mlungu wosunga chinsinsi cha mkulu wathu wa ku akaunti

Lolemba m'mawa abwana anandiitana mu ofesi mwawo n'kutseka chitseko. Mkulu wathu wa ku akaunti, amene akhala pano zaka 31, akupuma pantchito kumapeto kwa mwezi uno, ndipo ntchito yoitanira anthu ku mwambo wotsanzikana nawo inagwera ine. "Koma eni ake asamve kanthu," anatero abwana.

Ndisanalembe chilichonse ndinaimbira foni akazi a mkuluyo. Ndinachita bwino, chifukwa Lachisanu lomaliza la mwezi, limene tonse tinkaliganizira, banjali lili ndi ulendo. Tinasunthira mwambo ku Lachinayi, 4 koloko madzulo, mu holo ija ili kuseri kwa ofesi yathu. Mayiwo analonjeza kuti adzabwera ndi ana, ndipo kunyumba sadzatulutsa mawu.

Nkhani ya chopereka ndi imene inandidyera nthawi. Masiku onse tikamasonkha, ndalama amangodula kumalipiro, koma amene amakonza malipirowo ndi mkulu yemweyu. Akanangoona mzere wachilendo pa mayina a anthu onse, chinsinsi chikanathera pomwepo. Choncho tinasankha msungichuma mmodzi wa ku dipatimenti ina, woti azilandira ndalama pamanja kapena pafoni ndi kulemba m'kabuku kake. Oitanidwa ndi 46, koma mtengo wa holo ndi chakudya ndinaugawa pa anthu 35, podziwa kuti ena ali kutchuthi, ena mweziwu wawathina. Mukagawa pa onse, tsiku lomaliza mumapezeka mukupemphanso kwa anthu omwe aja amene anapereka kale. Ndalama ya mphatso ndinaiika payokha, aliyense apereke monga angathere, ndipo ndinakanitsitsa zomata mndandanda wa opereka pakhoma. Mkuluyu wathandiza anthu ambiri mwakachetechete, sindinafune kuti wina achite manyazi pa mwambo wawo.

Lachiwiri ndinalemba uthengawo. Poyamba pempho la chinsinsi ndinaliika kumapeto, kenako ndinalikweza kukhala mzere woyamba: "Chonde, nkhaniyi ndi yachinsinsi. Musawauze, musaikambe m'khonde, ndipo poyankha yankhani ine ndekha." Anthu ambiri amawerenga mizere iwiri yoyamba basi, n'kutembenuka kuyamba kufunsa mnzawo wapafupi. Pansi pake ndinaika tsiku, nthawi ndi malo, ndi kupempha kuti onse adzakhale atalowa pofika 3:45, kuti mkuluyo asadzakumane ndi gulu panjira. Kenako chopereka, kwa ndani, ndi tsiku lomaliza, lomwe ndi Lolemba likudzali, chifukwa a holo akufuna chiwerengero kutatsala masiku atatu.

Potumiza sindinagwiritse ntchito adiresi ya imelo ya antchito onse, popeza mkuluyonso ali momwemo. Mayina ndinalemba limodzilimodzi mu Bcc, kuti ngakhale wina adine Reply All yankho lake lisafalikire kwa onse.

Pamene ndinaphonya ndi pakalendala. Lachitatu ndinasungitsa nthawiyo pa kalendala ya ofesi, n'kulembapo mutu wakuti kutsanzikana, dzina lawo lili pomwepo. Kalendala imeneyi aliyense amaiona. Patapita mphindi ngati makumi awiri mnzanga wa pa desiki yolandirira alendo anathamangira kwa ine foni ili m'manja, osayankhula, n'kungondionetsa. Mtima unagunda. Mwamwayi mkuluyo anali ku banki m'mawa wonse. Ndinasintha mutuwo kukhala msonkhano wa antchito onse, ndipo ndinaona kuti zatithandiza, chifukwa tsopano nthawi yawo ya Lachinayi yatsekeka popanda wina kuwanamiza pamaso.

Tsiku lotsatira ndinazindikira cholakwa china chimene chinandiwawa kwambiri. Madalaivala, alonda ndi amayi osesa alibe imelo ya kuntchito, ndiye kuti uthenga sunawafike. Komatu anthu amenewa ndi amene mkuluyu amacheza nawo m'mawa uliwonse pageti. Ndinawayendera mmodzimmodzi. Mlonda wamkulu anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Zikomo potikumbukira, achimwene. Ife ndiye tinayamba nawo limodzi ntchito." Anapempha kuti adzapatsidwe mpata woyankhula, ndipo ndinamulemba pa pulogalamu.

Pofika Lachisanu masana, m'kabuku ka msungichuma munali mayina 33, ndipo anayi analonjeza Lolemba. Ndikulongedza kuti ndiweruke, mkuluyo anaima pakhomo pa ofesi yanga, magalasi ali pamphumi monga mwa nthawi zonse.

"Mwanawe, msonkhano wa Lachinayi uja, ndikonze lipoti la ndalama?"

"Ayi bambo, mudzangobwera. Abwana akuti adzakutengani okha."

Anagwedeza mutu, nabwerera ku desiki yawo kukamaliza malipiro a mwezi uno.