Nsomba zili m'firiji, koma bwana akuti tagulitsa

Sabata yotseka chaka yatha, mabuku a pa 30 Juni apita kwa maodita. Za banki, malipiro ndi kuwerenga sitoko ndi zamasiku onse, sindichedwapo. Chandipweteketsa mutu ndi Lachinayi.

Gulu lathu lili ndi makampani awiri: yaikulu yokhala ndi malo ogona alendo kuno ku Mangochi, ndi ina ya nsomba ku Monkey Bay, imene tili ndi masheya 80 pa 100 alionse. Yaikuluyo inagulitsa za K300 miliyoni, ya nsomba K120 miliyoni. Bwana anaphatikiza pa foni yawo n'kupeza K420 miliyoni, ndipo akubanki anali atawauza kale. Ine pepala langa likuti K380 miliyoni.

"Achimwene, K40 miliyoni mwaipititsa kuti?"

Ndinawafotokozera kuti imeneyo ndi chambo chimene kampani ya nsomba inagulitsa ku khitchini yathu yomwe. Pa maakaunti ophatikiza, lamulo la kalembedwe ka maakaunti lotchedwa IFRS 10 limationa ngati kampani imodzi, ndiye ndalamayo timaichotsa ku zogulitsa komanso ku zogula. Kusuntha ndalama kuchoka m'thumba la malaya kupita la buluku si malonda.

Apo anavomera monyinyirika. Mkangano weniweni unali pa phindu. Nsombazo zinadya K30 miliyoni, ndiye a ku Monkey Bay analemba phindu la K10 miliyoni. Koma pa 30 Juni gawo limodzi mwa magawo anayi linali lidakali m'mafiriji athu, palibe mlendo amene analidya. Choncho K2.5 miliyoni ndi phindu la papepala chabe. Ndinatsitsa sitoko kuchoka pa K10 miliyoni kufika pa K7.5 miliyoni, mtengo umene gulu linalipiradi.

Poti wogulitsa ndi kampani yaing'onoyo, kuchotsaku kumakhudzanso eni masheya 20 pa 100 otsalawo. Phindu lake la chaka, K60 miliyoni, limatsika kufika pa K57.5 miliyoni, ndipo gawo lawo ndi K11.5 miliyoni osati K12 miliyoni. Akanakhala kuti wogulitsa ndi ife, iwo sakanataya kanthu. Bwana ankafunanso kuti tingotenga 80 pa 100 ya katundu ndi ngongole za ku Monkey Bay. Ayi ndithu. Poti kampaniyo tikuilamulira, timatenga zonse, kenako gawo la anzathuwo limaonekera pa mzere wakewake pansi pa phindu ndi pa chuma cha eni kampani.

Chinandikwiyitsa kwambiri ndi ngongole yapakati pathu. A ku Monkey Bay akuti tiwapatse K15 miliyoni, buku lathu likuti K12 miliyoni. Ziwirizi zikapanda kufanana sungazifafanize. Ndinakhala mpaka usiku ndi jenereta, n'kupeza cheke cha K3 miliyoni chimene tinalemba pa 30 Juni koma iwo anachilowetsa mu Julayi. Ndinachiika ngati ndalama ili panjira, zonse n'kugwirizana. Zikanaoneka msanga tikanamayerekeza mabuku awiriwa mwezi ndi mwezi, koma kalaliki amene ankachita zimenezi anachoka kalekale, ndipo akuluakulu akuti ndalama yolembera wina palibe.

Lachisanu bwana anasaina, nkhope ili gwaa. Akubanki akawafotokozere okha.