Tsiku lomwe chithunzithunzi changa chinandiulula

Tsiku lojambula chithunzi cha ana a Fomu 4 ine ndinafika mochedwa, tayala la njinga litaphwa panjira. Wojambula anali atapita kale. Mphunzitsi wa kalasi kusowa m'magazini ya sukulu? Ndinakana. Ndinatenga chithunzi changa cha ku ukwati wa mlamu wanga, nditatchena suti, n'kupita kwa mnyamata wina wa makompyuta kumsika. "Bwana, izi n'zazing'ono," anatero. Anandidula n'kundimata kumapeto kwa mzere wakutsogolo, n'kundijambulira ndi chithunzithunzi chomwe.

Tsoka ilo, mkonzi wa magaziniyo anali mayi wophunzitsa Fizikisi. Anachiyang'ana kwa nthawi, kenako anatulutsa rula ndi pensulo.

"Aphunzitsi, tsiku limeneli dzuwa linalipo angati?"

Anaika rula pansonga ya chithunzithunzi cha mwana wina, pamene pathera mutu, n'kulemba mzere wodutsa pamutu weniweni wa mwanayo. Anachita chimodzimodzi ndi aHedi, kenako ndi mtengo wa mbendera. Mizere itatu yonseyo inakakumana pamalo amodzi, kunja kwa pepala, patebulo. Wanga unalowera kwawokwawo, ngati mbuzi yoduka chingwe.

Ndinayesa kudziteteza kuti zithunzithunzi zina pamenepo zikuonekanso zopendekeka. Anavomera. Anati diso lokha limanamiza, chifukwa pansi pakakhala pokwera kapena kamera ikakhala pafupi, zithunzithunzi sizioneka zolunjika kumodzi. N'chifukwa chake amagwiritsa ntchito rula: dzuwa likakhala limodzi, mizere yochokera pachithunzithunzi kupita pa mwiniwake iyenera kukumana.

Ndinkaganiza kuti mlandu wathera pomwepo, koma anakulitsa chithunzicho pakompyuta. Ana onse anali atatsinzinira, tsaya lakumanzere likuwala, lakumanja lili mumdima. Ine maso anali gwa, chipumi chikunyezimira pakati penipeni ndi fulashi ya muholo. Kunsi kwa nsapato za aliyense kunali kamdima kopyapyala pomwe nsapato yagunda dothi. Kunsi kwa zanga kunalibe, moti ndinkaoneka ngati ndikuyandama, mfiti yofika masana. M'mbali mwa makutu anga munatsalira kamzere kofiirira, nsalu yokongoletsera ukwati ija, pomwe kumbuyo kwathu kunali khoma loyera la laibulale.

Apa n'kuti aphunzitsi anzanga atadzaza kale, wina atasiya ndi tiyi yemwe.

"Zonsezi ndikanakukhululukirani," anatero mayiwo, akuloza ndi pensulo paphewa langa lakumanja. "Koma dzanja ili n'la ndani?"

Zala zinayi, zikhadabo zopaka utoto wofiira, ndi mphete. Mnyamata uja anachotsa mayi a kunyumba onse n'kuiwala dzanja. Ndipo amene anaima mbali imeneyo pachithunzi cha sukulu anali aHedi, bambo a ndevu zawo.

Magazini inatuluka ine mulibe. Mpaka lero aHedi akandiona amabisa manja m'thumba.