Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Kukambirana ndi eni ngongole

M'gawo lapitalo ndinakusiyani nditatenga ngongole ya K1,200,000 mu Ogasiti 2023 ku bungwe lina lobwereketsa ndalama, kuti ndikuze geni yanga ya kaunjika mu msika wa Limbe. Mgwirizano unali wa miyezi 12, chiwongoladzanja 4 peresenti pamwezi. Mwezi uliwonse ndinkapereka K148,000, ndiye kuti K100,000 yobweza ngongole yeniyeniyo ndi K48,000 ya chiwongoladzanja. Chikole chinali filiji ndi mashini anga osokera, ndipo mlamu wanga wa ku Bangwe ndiye anasaina ngati mboni.

Miyezi inayi yoyamba ndinalipira bwinobwino. Koma mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mabelo anakwera mtengo nthawi yomweyo. Khirisimasi inandinyamulako pang'ono. Januwale atafika, anthu anali pa fizi, feteleza ndi chimanga, za malaya panalibe woziganiza. Phindu langa linatsika mpaka theka. Januwale ndi Febuluwale anadutsa osalipira, ndipo foni inayamba kulira, yanga ndi ya mlamu wanga yemwe.

Wakatapila wina wa kwathu ku Ndirande anali wokonzeka kundipatsa ndalama yotsekera bowolo, koma ankafuna theka pamwamba pakutha kwa mwezi. Ndinakana. Ndinasankha kupita ndekha ku ofesi asanabwere iwo kunyumba ndi galimoto.

Ndisanapite ndinakhala pansi ndi kope langa la geni. Sindinawerengere mwezi wabwino, ndinatenga Febuluwale, mwezi woipitsitsa. Nditachotsa ya lendi, chakudya, minibasi, chiphaso cha mumsika ndi ndalama yoodera belo lina, yotsala inali pafupifupi K95,000. Ya belo ija sindinaikhudze dala, chifukwa ukadya mpamba kuti usangalatse wokongoza mwezi uno, mwezi wamawa ulibe chogulitsa ndipo nonse awiri mwaluza. K95,000 imeneyo ndiyo ndinapita nayo m'mutu, ndipo ndinatsimikiza mtima kuti sindilonjeza yoposa pamenepo.

Mlangizi wa ngongole anali mnyamata waulemu, koma naye ali ndi abwana omwe amamufunsa za aliyense wosalipira.

"Mayi, mwabwera nazo zingati lero?"

"Achimwene, tisanakambe za ndalama, ndithandizeni sitetimenti. Ndikufuna ndione ngongole yeniyeni payokha, chiwongoladzanja pachokha, chindapusa pachokha."

Pepala limenelo ndi lofunika kuposa mmene ambiri timaganizira. Pa foni amangokuuza chiwerengero chimodzi chachikulu, mtima n'kugunda. Pa pepala ndinaona kuti ngongole yeniyeni yotsala inali K800,000, chiwongoladzanja cha miyezi iwiri ija K96,000, ndipo chindapusa chochedwera K30,000. Ndinafunsanso kuti ndikabweretsa ndalama yochepa imayamba kulowa pati. Anandiuza kuti kwa iwo imayamba kuzimitsa chindapusa, kenako chiwongoladzanja, ngongole yeniyeniyo pomaliza. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake anzanga ena mumsika amaponya K20,000 lero, K15,000 sabata yamawa, koma ngongole osasuntha. Ndalamazo zimathera pamwamba, chindapusa china chikubadwa.

Mnyamatayo anandipatsa njira yake. Anati aphatikize zonse zitatu zikhale ngongole yatsopano ya K926,000, ya miyezi 12, pa 4 peresenti yomweyo. Pamwezi zikanakhala K114,000 ndi kakusintha pamwamba. Pomva koyamba zinali zokoma, chifukwa zatsika kuchoka pa K148,000. Koma ndinaona zinthu ziwiri. Ndalamayo inali pamwamba pa K95,000 yanga, ndiye kuti pofika Epulo ndikanagwanso, ndipo wogwa kachiwiri samumveranso. Komanso chindapusa ndi chiwongoladzanja chakale zikalowa mu ngongole yatsopano, nazonso zimayamba kubala chiwongoladzanja. Ukulipira chiwongoladzanja pa chiwongoladzanja chinzake.

Ndinatulutsa kope lija ndi malisiti a mabelo, la mu Okutobala ndi la mu Januwale, kuti aone yekha kusiyana kwa mitengo. Kenako ndinanena zanga.

"Achimwene, K96,000 ya chiwongoladzanja ndiipereka payokha mwezi uno usanathe, isalowe mu ngongole yatsopano. Chindapusa mundichotsere. Chiwongoladzanja muwerengere pa K800,000 yotsalayo, ndipo munditalikitsire nthawi kuti pamwezi isapose K95,000."

Anati iye alibe mphamvu yochotsa chindapusa, ndi za amanijala. Zimenezi zinali zoona, choncho ndinapempha kuti ndilembe kalata. Ndinalemba pomwepo, tsamba limodzi: nambala ya ngongole, miyezi inayi yomwe ndinalipira osachedwa, chomwe chagwetsa geni, ndi ndalama yomwe ndingakwanitse. Ndinapanga fotokope, yanga anadindapo chidindo cha tsikulo.

Amanijala anandiitana sabata yotsatira. Anali mayi wachikulire, wosachulutsa mawu. Anandikumbutsa kuti dzina langa likhoza kuoneka ngati la wosalipira ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole, monga Credit Data CRB, komwe mabanki amafufuza asanakongoze munthu. Anatchulanso za chikole. Ine ndinayankha mofatsa kuti filiji yogwira kale ntchito ndi mashini aja akakagulitsa mwachangu sizingafike ngakhale theka la K800,000, pomwe ine ndikakhalabe pa benchi yanga alandira yonse ndi phindu lawo. Sindinanene mowaopseza, ndipo iwonso ankadziwa kuti masamuwo ndi oona. Pokambirana zotere, wokongoza amamva msanga ukamuonetsa chomwe iye apindule kusiyana ndi kumulirira mavuto ako, ngakhale mavutowo ali enieni.

Chindapusa sanachotse chonse, anadula pakati, K15,000. Zinazo anavomera: K800,000 kwa miyezi 13, pamwezi pafupifupi K93,500. Ndinapemphanso zina ziwiri zomwe kwa iwo zinali zazing'ono koma kwa ine zazikulu. Tsiku lolipira lichoke pa 20, pomwe msika umakhala uli zii, lipite pa 5, anthu atalandira malipiro. Ndiponso alembe kuti ndikatha kutseka ngongole nthawi isanakwane, chiwongoladzanja cha miyezi yotsalayo asandilipiritse. Ndinkaganizira Juni ndi Julaye, chiperoni chikagwa mu Blantyre majuzi ndi majekete amayenda kwambiri.

Musaganize kuti ngongoleyo inachepa. Pa mgwirizano woyamba ndinali nditatsala ndi K1,184,000 kuti ndimalize. Pa watsopanowu, kuphatikiza K111,000 ya chiwongoladzanja chakale ndi theka la chindapusa yomwe ndinapereka poyamba, zonse zinakwana K1,327,000. Kutalikitsa nthawi pamodzi ndi chindapusa chija zinandidyera K143,000. Ndinavomera ndikudziwa, chifukwa chomwe ndinkagula chinali mpata woti geni isafe ndi kuti mlamu wanga asavutikire ngongole yomwe sanadye nawo.

K111,000 ija inachokera ku chipereganyu chathu cha mumsika. Mnzanga wogulitsa nsapato anavomera kuti tisinthane, ine ndilandire Malichi, iye atenge malo anga a mu Meyi. Ndinakaipereka pa kauntala ndi kulandira lisiti, osati m'manja mwa mlangizi panjira, ngakhale anali munthu wabwino.

Sindinasaine tsiku lomwelo. Ndinapempha pepala la mgwirizano watsopano ndi ndandanda wa malipiro, n'kupita nazo ku Bangwe, chifukwa mboni nayo imayenera kusainanso zinthu zikasintha. Tikuwerenga ndi mlamu wanga tinapeza kuti tsiku lolipira linali likadali pa 20, ndipo za kutseka msanga zija sizinalembedwe. Ndinabwerera nalo, anakonza zonse ziwiri, ndipo tinasaina. Pa 5 Epulo 2024 ndinapereka K93,500 yoyamba. Za momwe nyengo yozizira ya chaka chimenecho inayendera pa benchi yanga, ndidzakufotokozerani m'gawo lotsatira.