Mmene ndinalembera apulezo ya kalaliki wanga, makisi aliwonse ndi umboni wake

Fomu ya apulezo yomwe timagwiritsa ntchito poyeza mmene munthu wagwirira ntchito pa chaka ili ndi makisi 1 mpaka 5, pomwe 3 ndiye kuti munthu wachita zomwe tinagwirizana, 4 wapitirira, 2 wapelewera. Pambali pa makisi aliwonse pali kabokosi kolembamo chifukwa chake ndipo kabokosi kameneko ndi kamene kamavuta, chifukwa kuzunguliza nambala aliyense atha koma akakufunsa kuti 2 ameneyu wachokera pati bwana, ukuyenera kutulutsa chinthu chogwirika. Ndifotokoze mmene ndinayendera ndi apulezo ya mayi wina yemwe ndi kalaliki wa ku akaunti, ine ndine supavaiza wake. Ntchito yake ndi kulowetsa mainvoisi mu sisitimu, kufananitsa ndi masitetimenti a masapulaya, komanso kutumiza lipoti la mwezi.

Fomu sindinayambe ndaigwira kaye. Ndinayamba ndi pepala la matageti lomwe tinasainirana kumayambiriro kwa chaka, chifukwa munthu umamuyeza pa zomwe munagwirizana osati zomwe wayamba kuzilakalaka mu Novembala. Kenako ndinatsegula kafayilo komwe ndimaponyamo tinthu chaka chonse, imelo yomuyamikira, invoisi yobwezedwa, deti lomwe lipoti lafika, zabwino ndi zoipa zomwe. Popanda kafayiloka mutu umangokumbukira za posachedwa basi, ndiye munthu wagwira bwino chaka chonse koma walakwitsa kamodzi sabata yatha, apulezo yonse imanunkha cholakwa chimenecho. Mayiwo ndinawapatsa fomu yawo kuti adzipatse okha makisi ndi zitsanzo zawo, ine ndikulemba yanga padera ndi pensulo, tisanaonetsane.

Gawo la kulondola kwa ntchito linali losavuta chifukwa lili ndi manambala. Tageti inali yoti mainvoisi obwezedwa chifukwa cholakwika asapitirire 2 pa 100 aliwonse. Sisitimu inaonetsa kuti analowetsa 1,200 ndipo obwezedwa anali 18, ndiye kuti 1.5 pa 100. Izi zokha kwa ine ndi 3 wabwinobwino, afika pa tageti. Chomwe chinakweza kufika pa 4 ndi chakuti mu Juni anagwira invoisi yomwe sapulaya anatumiza kawiri isanalipilidwe, ndipo kuchokera pamenepo anayamba okha kumasaka kaye nambala ya invoisi mu sisitimu asanalowetse, anzawo mu ofesi anatengera zomwezo. Mkabokosimo ndinalemba ndendende zimenezo, tageti inali chani, zotsatira zinali zotani, mwezi uti anachita chani ndipo chinasintha ndi chani. Mau ngati "ndi wakhama" kapena "amagwira ntchito bwino" sindinalembe. Ndimadziyesa chonchi, ngati chiganizo chomwe ndalemba ndingachikopere pa fomu ya munthu wina aliyense n'kukwanira bwinobwino, ndiye kuti si umboni, ndafufuta.

Pomwe panali nkhani ndi pa kusunga nthawi. Lipoti la mwezi limayenera kufika pofika tsiku la nambala 5 logwira ntchito, ndipo pa malipoti 12, anayi anachedwa. Pensulo yanga inalemba 2, iwo anadzipatsa 4. Kusiyana kwa makisi awiri chonchi si kokangana nako ndi pakamwa ayi, aliyense abweretse mapepala ake.

Pa miting'i ndinawasiya ayambe iwowo kulankhula, chifukwa bwana akayamba kutchula makisi winayo amangoti "chabwino bwana" kenako n'kukadandaulira pa kolido. Titafika pa gawoli ndinati, "Mayi, malipoti a Malichi, Epulo, Ogasiti ndi Okutobala anafika mochedwa, tandiuzeni chinachitika ndi chani." Iwo anati, "Bwana, a Malichi ndi Epulo mapepala anachedwa kuchokera kwa anzathu ogula katundu, ndinawakumbutsa pa imelo, ndi awa." Maimelo analipodi, madeti ake akuoneka, anawakumbutsa dedilaini isanakwane. A Ogasiti ndi Okutobala anavomera kuti anayamba mochedwa kufananitsa masitetimenti, ntchito yonse anaiunjikira kumapeto kwa mwezi. Ndiye miyezi iwiri sinali mmanja mwawo, iwiri inali yawo. Tinagwirizana 3, ndipo ndinalemba zonse, malipoti 8 pa nthawi yake, awiri anachedwa chifukwa cha dipatimenti ina ndipo anakumbutsa, awiri anachedwa kwa iwo. Koma dziwani kuti 3 ameneyu sanabwere chifukwa chogawana pakati pa 2 ndi 4 kuti tonse tisangalale, akanabwera opanda maimelo aja 2 akanakhala pomwepo.

Zinthu ngati kugwira ntchito ndi anzako zilibe nambala mu sisitimu, ndiye apa ndi pomwe masupavaiza ambiri amangopatsa aliyense 3 kuthawa mafunso, kapena poti munthu ndi katswiri pa gawo limodzi amangomuthira 4 paliponse. Ine ndinalemba zomwe ndinaona akuchita osati khalidwe lomwe ndikuganiza kuti ali nalo. Anaphunzitsa kalaliki watsopano kalowetsedwe ka mainvoisi mpaka anayamba kugwira yekha, icho ndi chimodzi. China, sapulaya wina analemba imelo yodandaula kuti funso lake linakhala masiku 6 osayankhidwa. Zonse ziwiri zinalowa ndi madeti ake, makisi 3. Za imeloyo tinali titakambirana kale nthawi yomwe inabwera, paja chinthu chomwe munthu akuchimva koyamba pa tsiku la apulezo sichimayenera kumutsitsira makisi.

Zolinga za chaka chamawa tinazitenga pa mipata yomwe umboni unaonetsa, ndipo tinangotenga zitatu, zikachuluka palibe chimachitika. Iwo poyamba anati "ndiyesetsa kumasunga nthawi", ine ndinati ayi mayi, zimenezo chaka chamawa tidzaziyeza bwanji? Tinalemba kuti azifananitsa masitetimenti Lachisanu lililonse mmalo modikira kutha kwa mwezi, ndipo malipoti osachepera 11 pa 12 afike pa nthawi, akaona kuti mapepala akuchedwa kwina andiuze kusanatsale masiku awiri. Chachiwiri, funso la sapulaya liyankhidwe pasanathe masiku awiri ogwira ntchito, ngakhale yankho lake likhale loti tikufufuza. Chachitatu anachibweretsa okha, amafuna kuphunzira Excel bwinobwino makamaka VLOOKUP, fomula yomwe imasaka nambala mu mndandanda wina, chifukwa amafananitsa mizere ndi maso umodziumodzi, ndipo ndi chomwe chimawadyera nthawi. Apa ndinalembanso mbali yanga, kuti ine ndipeze tireningi pofika kumapeto kwa Malichi ndi kuwapatsa nthawi yopitako, ndipo chizindikiro choti atha ndi chakuti sitetimenti ya Meyi adzaifananitse ndi fomula. Cholinga chopanda dzina la bwana pambali pake chimakhala ngati ngongole yomwe wasainira mmodzi, tireningi ikapanda kubwera wolakwa amaoneka wantchito.

Nditalemba lipoti loyera ndinawapatsa akawerenge okha modekha asanasaine. Pansi pali malo a komenti yawo ndipo analembapo kuti vuto la mapepala ochedwa likambidwe ndi dipatimenti inayo, sindinasinthe kalikonse. Ndinawafotokozeranso kuti pa fomu yathu kusaina kumatanthauza kuti aona ndipo takambirana, akakhala kuti sakugwirizana ndi makisi ena atha kulemba pomwepo nkhani n'kupita kwa bwana wamkulu. Tinasaina tonse, kope imodzi kwa iwo, ina ku ofesi yoona za ogwira ntchito, ndipo pa kalenda tinaikiratu tsiku mu Juni loti tidzaone pomwe zolinga zitatu zija zafika.