Kope langa la ntchemberembaye: za 7 wanga uja ndi 17 wa amake mapasa

Lero ndakwanitsa masiku 30 ndikuponya mpira m'mawa uliwonse. Dongosolo silinasinthe. Ndimaima pomwe ndinathirapo phulusa, mapazi atatu kuchoka pamtengo wa golo, n'kuponya ka 20, kenako ndimalemba m'kope kuti yalowa ingati. Loweruka timakumana amayi khumi pabwalo lina kuno ku Matawale, aliyense n'kuponya ka 20 pamalo amodzi. Golo wathu alibe ukonde ndipo amapendekeka pang'ono chakumadzulo, koma tinayeza ndi tepi, kutalika kwake ndi mamita 3.05 monga mwa lamulo.

Loweruka loyamba kulemba, kunali chiperoni, phiri losaoneka n'komwe, zala zili gwa. Tikaphatikiza zonse n'kugawa ndi khumi, avereji ya gulu inali 12. Atatu apamwamba analowetsa 17, 16 ndi 15. Atatu apansi tinalowetsa 9, 8 ndi 7, ndipo wa 7 ndinali ineyo, mwini kope. Anayi otsala anali pakati, 13, 12, 12 ndi 11.

A kochi athu, mayi amene anasewerapo kale ali mtsikana, anatiitanira pambali atatufe. "Inu amayi, mukuponya ngati mukutaya madzi otsukira mbale. Pindani mawondo, mpira uchokere pamwamba pa mutu, dzanja litsatire." Anatikalipira ndithu, osanyengerera. Apamwamba aja anawaombera m'manja, makamaka amake mapasa, a 17. Sabata yonse ndinapinda mawondo mpaka ntchafu kuwawa.

Loweruka lotsatira ine ndinachoka pa 7 kufika pa 10. Wa 8 anapeza 9, wa 9 anapeza 11. Atatufe avereji yathu inakwera kuchoka pa 8 kufika pa 10. Apamwamba aja anatsika: amake mapasa kuchoka pa 17 kufika pa 13, wa 16 anapeza 14, wa 15 anabwereza 15 yemweyo. Avereji yawo inachoka pa 16 kufika pa 14. A kochi anangoti, "Mwaonatu. Munthu ukamuyamikira amatupa mutu, ukamukalipira amadzuka." Ine ndinavomera ndi mtima wonse, ndipo m'kope ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti mawondo ndiwo mankhwala.

Amene anandisokoneza ndi mwana wa achemwali anga, amene akuphunzira za ziwerengero ku Chanco ndipo amabwera Lamlungu kudzadya nsima ya kunyumba. Anatsegula kope, n'kuwerengera pa foni, kenako anafunsa kuti, "Anti, avereji ya gulu lonse sabata yachiwiri ndi ingati?" Tinaphatikiza. Inali 12, chimodzimodzi sabata yoyamba. Anandisonyezanso anayi apakati aja, amene palibe anawakalipira kapena kuwayamikira. Mmodzi anachoka pa 13 kukafika pa 17, wina anachoka pa 11 kugwera pa 7. Ndiye kuti 17 analipobe, 7 analiponso, kungoti anali atasamukira kwa anthu ena.

Ndinakana. Ndinati koma ine ndakwera ndi zigoli zitatu, ndipo mawondo ndi anga, ndikuwamva. Iye anapempha ndalama yachitsulo. Tinaipeza ya K10 m'kabati, mwa zija zosagula kanthu masiku ano, ndipo anandiuza kuti ndiiponye m'mwamba ka 20, ndiwerenge kuti mbali imodzi yagwa kangati, ndilembe, ndiyambirenso. Tinachita maulendo 16 mpaka ndiwo kuzizira. Zambiri zinali 9, 10, 11, 12. Koma panatuluka 7 kamodzi, 6 kamodzi, ndi 14 kamodzi. Utatuluka 6 uja, anaikalipira ndalama ija mokweza, kutengera mawu a kochi, ndipo ulendo wotsatira inapereka 11. Utatuluka 14 anaiombera m'manja, inapereka 9. Ndinaseka mpaka misozi, koma kumtima kunali kukuwawa pang'ono.

Masamu ake anandilembera kuseri kwa kope. Munthu amene luso lake ndi kulowetsa theka la mipira yake ali ngati ndalama ija. Akaponya ka 20, pamasiku anayi alionse, pafupifupi atatu adzapeza pakati pa 8 ndi 12. Koma pafupifupi tsiku limodzi pa masiku asanu ndi atatu adzapeza 7 kapena kucheperapo, osadwala, osakangana ndi bambo a kunyumba, popanda chifukwa china chilichonse. Ndipo akapeza 7 lero, mwayi woti mawa aposa 7 ndi pafupifupi 7 pa 8, kaya apinde mawondo kaya asapinde. Nditayang'ana masiku anga oyamba m'kope, avereji yanga inali 10 kuyambira kale. Pa 7 paja ndinangopunthwa, pa 10 ndi pamene ndimakhala.

Chimene chinandivuta kumvetsa ndi chakuti kusankha komweko ndiko kumabweretsa zimenezi. Zigoli za tsiku limodzi zili ndi mbali ziwiri, luso la munthu ndi mwayi wa tsikulo: kamphepo kochokera kuphiri, mpira wozungulira pachitsulo n'kutuluka, mwana kulira pomwe ukuponya. A kochi atasankha atatu apansi, anasankha anthu amene luso lawo ndi locheperako, inde, komanso amene tsikulo zinawavuta. Sabata yotsatira luso limabwera nawe, koma tsoka la sabata yatha silikutsatira. Apamwamba nawo chimodzimodzi, luso lawo ndi lenileni, n'chifukwa chake anatsalabe pa 14, pamwamba pa gulu, koma kamwayi kanawonjezera paja sikanabwerenso. Dzina lake akuti ndi kubwerera ku avereji.

Poyamba ndinamva molakwika, ndinkaganiza kuti ukachita bwino lero ndiye kuti mawa uyenera kulipira ndi tsiku loipa. Ayi. Ndalama ija sikumbuka zomwe inachita. Ikapereka 14, ulendo wotsatira siifuna 6 kuti ifafanize, imangoyambiranso pomwe imayambira nthawi zonse, pafupi ndi 10. Ndipo zimenezi zimaonekanso ukawerenga chobwerera m'mbuyo. Mayi amene anapeza 17 sabata yachiwiri, sabata yoyamba anali pa 13. Palibe anganene kuti kumuyamikira kwa sabata yachiwiri kunamutsitsa sabata yapitayo.

Nkhaniyi ndi yakale. Francis Galton wa ku England anailemba mu 1886 atayerekeza misinkhu ya ana akuluakulu 928 ndi ya makolo awo, mabanja 205. Anapeza kuti makolo akakhala aatali kuposa avereji, ana awo amakhalanso aatali, koma amangotenga pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kusiyanako. Makolo oposa avereji ndi masentimita 9, ana awo ukawaphatikiza amaposa ndi 6. Za kukalipira nazo zinachitikapo. Daniel Kahneman ankaphunzitsa alangizi a oyendetsa ndege zankhondo ku Israel, ndipo mlangizi wina anamuuza zomwe a kochi athu ananena, kuti woyamikiridwa amatsika, wokalipiridwa amakwera. Mlangiziyo zimene anaona zinali zoona, chifukwa chake ndi chimene anaphonya.

Kwa ife, zikuoneka kuti munthu amabwerera pafupifupi theka la mtunda. Apamwamba anali 4 pamwamba pa 12, anatsala 2 pamwamba. Apansi tinali 4 pansi, tinatsala 2 pansi. Ndiye mayi wachilendo akabwera n'kulowetsa 18 tsiku loyamba, sindidzathamangira kumuika pa shuta. Ndidzati 18 waposa 12 ndi 6, theka lake ndi 3, sabata yamawa ndiyembekezere chapa 15. Theka limeneli si lamulo la kulikonse, ndi la gulu lathu ndi mipira 20 yathuyi, ndipo lachokera pa masabata awiri okha. Luso la anthu likasiyana kwambiri, kubwererako kumachepa. Muike Mwawi Kumwenda pakati pathu, sangatsikire ku 12 wathuyo ngakhale aponye chaka chonse, adzazungulira pa avereji yake. Mayi wathu wa 15 uja nayenso, patha masabata anayi akupeza 14, 15, 16. Iyeyo tsopano timamuyeza ndi mbiri yake, osati ya gulu.

Kubwererako kumachepanso mipira ikachuluka. Pa mipira 20, mwayi wokha umasuntha zigoli ndi ziwiri kapena kuposerapo pang'ono, mbali iyi kapena iyo, chomwe ndi gawo limodzi mwa khumi la mipira yonse. Pa mipira 100 umasuntha ndi zisanu, gawo limodzi mwa 20. N'chifukwa chake ndasiya kudzigamula ndi tsiku limodzi. Ndikuphatikiza masiku asanu asanu.

Funso la mawondo lija likadalipo, chifukwa mwina amathandizadi, kungoti masabata awiri aja sangatiuze. A kochi nditawafotokozera sanasangalale. "Ndiye mukuti zaka zonsezi ndimangotaya mawu?" Ndinati ayi a kochi, tiyeni tingoyesa bwinobwino. Tinalemba mayina khumi pa timapepala, n'kuika m'chitenje, mwana wina n'kutola asanu osayang'ana. Asanuwo akuchita za mawondo mphindi 15 tisanayambe, asanu enawo akuthamanga kuzungulira bwalo monga kale. M'magulu onse awiri mwagwera apamwamba ndi apansi, ndiye kubwerera ku avereji kudzagwira mbali zonse, ndipo chotsalacho chidzakhala cha mawondo. Tidzayerekeza pakatha Maloweruka asanu, aliyense ataponya 100. Tachita awiri. Vuto lomwe latuluka kale ndi lakuti mmodzi wa othamanga ndamupeza akupinda mawondo kuseri kwa kalasi, akuti sangalole kutsalira. Ineyo ndinagwera kwa othamanga, koma mawondo ndinayamba kale, ndiye zigoli zanga tiziika pambali.

Za ine ndekha, masiku 15 oyamba ndinalowetsa 148 pa 300. Masiku 15 achiwiri ndalowetsa 166 pa 300. Kusiyana kwake ndi 18. Mwana uja akuti pa mipira yochuluka chonchi mwayi wokha umatha kusiyanitsa magawo awiri ndi 12 mosavuta, ndiye 18 ndi wolimbikitsa koma sanafike poti n'kuphera nkhuku. Lachitatu lapitali ndinapeza 15, woyamba chiyambire, mipira isanu ndi iwiri yotsatizana osakhudza chitsulo. Ndinatsala pang'ono kujambula kope n'kutumiza ku gulu. Ndinangolemba pambali ndi pensulo kuti mawa 11. Lachinayi ndinapeza 12, lero 10.

Masiku 15 otsatirawa sindisintha chilichonse, phulusa pomwepo, mpira womwewo, nthawi yomweyo ya 6 koloko ana a sukulu asanadzaze bwalo. Mpirawo wayamba kuphwa msanga, ndiye Lolemba ndidutsira kumsika kwa okonza njinga akaupope, ndipo tsikulo ndidzaikapo chizindikiro m'kope.