Tinayesa kubwezeretsa bakapu yathu: maola 4 a papepala anakhala maola 26

Mayeso atha, lipoti ndapereka, ndipo tsopano ndikupuma. Ndilembe zomwe ndadutsamo mutu usanazizire, chifukwa ndikudziwa kuti ambiri amene mumayang'anira maseva a pantchito muli ndi chikalata chofanana ndi chomwe ndinachipeza ine: masamba ambirimbiri ofotokoza momwe ntchito idzapitirire pakagwa tsoka, osainidwa bwinobwino, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anayesapo zolembedwamo.

M'chikalata chathu munali manambala awiri. Pa mzere wa RTO panalembedwa maola 4, kutanthauza kuti seva ikafa, anthu akhale atayambanso kugwira ntchito maola 4 asanathe. Pa mzere wa RPO panalembedwa ola limodzi, kutanthauza kuti tikabwerera, ntchito yotayika isapitirire ya ola limodzi lomalizalo. Nditafunsa komwe manambalawa anachokera, ndinauzidwa kuti anagwirizana pa msonkhano. Amene amabwera kudzafufuza kayendetsedwe ka ntchito yathu anati chikalata achiona, koma akufuna umboni woti zinayesedwa, poti ngakhale ISO 22301 imafuna kuti dongosolo lotere liziyesedwa. Ndiye ntchito inagwera ine.

Ndinakhazikitsa lamulo limodzi: tichite ngati chipinda cha maseva chapsa. Palibe kukhudza seva yeniyeni, palibe kukoperako fayilo, palibe kusuzumiramo kuti tione momwe zinthu zinakonzedwera. Tinatenga kompyuta yopanda kanthu, tinailumikiza pa netiweki yakeyake kuti isatumize maimelo kwa makasitomala enieni, ndipo ndinayambitsa wotchi. Langizo langa lalikulu ndi lomweli. Yambitsani wotchi pomwe mwanena kuti “seva yafa”, ndipo musaiimitse mpaka munthu wa ku akaunti atalowa mu pulogalamu n'kutsegula inivoisi ya dzulo.

Tsopano tsiku lomwe linandiwawa. Bakapu yathu ya kunja imapita ku kampani ina yosunga deta pa intaneti. Usiku uliwonse imelo imabwera yoti zonse zayenda bwino, ndipo zoonadi mafayilo ndinawaona ali pomwepo, mayina ndi kukula kwake zili bwino. Nditati ndiwatsitse, zinakanika. Mafayilowo anali m'gawo losungira zakale, gawo lotchipa lija, lomwe sungatengemo chinthu nthawi yomweyo: umayamba wapempha kuti akutulutsire, kenako umadikira, ndipo malamulo awo amanena poyera kuti zitha kutenga mpaka maola 12. Kufufuza kwake, ndinapeza kuti miyezi ya m'mbuyomo ofesi ya zachuma inadandaula za bilu, ndipo munthu wina anaika lamulo loti fayilo iliyonse ikangofika izipita ku gawo lotchipalo. Bilu inatsikadi. Palibe anabwerera ku chikalata kukaona kuti maola 4 aja afera pomwepo.

Tinadikira maola 11 titapinda manja. Ndinaimbira a kampaniyo kufunsa ngati pali njira yofulumizitsa, anandiuza mwaulemu kuti gawo limenelo lilibe njira yachangu. Kuwonjezera apo, kutulutsako kuli ndi malipiro ake pa gigabaiti iliyonse, ndipo kutsitsa deta kuchoka kwa iwo kuli ndi malipiro enanso. Ndiye ndinayenera kupita ku ofesi yomweyo ya zachuma kukapempha chilolezo cha ndalama zotulutsira bakapu yathu yomwe, n'kufunsidwa ngati mayesowa ndi ofunikadi mwezi uno. Mtima unandipweteka kwambiri. Likanakhala tsiku lenileni, anthu onse a pakampani akanakhala chete theka la tsiku, ife tisanagwire ngakhale fayilo imodzi. Musanachite china chilichonse, kaoneni gawo lomwe bakapu yanu yatsopano ili. Ya chaka chatha ikhoza kugona kotchipako, koma ya sabata ino izikhala pomwe mungaitenge nthawi yomweyo.

Mafayilo atatuluka, panabwera masamu omwe aliyense akanatha kuwachita pa kapepala. Zonse pamodzi zinali magigabaiti 400, ndipo intaneti yathu ndi ya mamegabiti 100 pa sekondi. Baiti imodzi ndi mabiti 8, choncho magigabaiti 400 ndi mamegabiti 3,200,000, ndipo ukagawa ndi 100 umapeza masekondi 32,000. Amenewo ndi maola pafupifupi 9, pomwe palibe wina aliyense akugwiritsa ntchito intanetiyo. Kotero ngakhale vuto la gawo lotchipa likanapanda kukhalapo, maola 4 sakanatheka. Chitani masamu amenewa lero: kukula kwa bakapu m'mamegabaiti, kuchulukitsa ndi 8, kugawa ndi liwiro la intaneti yanu m'mamegabiti pa sekondi, ndipo mupeza masekondi. Yankho likaposa RTO yanu, mwadziwiratu zotsatira musanayese n'komwe.

Ndaiwala kunena za kiyi, ndipo izi zinachitika tili mkati modikira kutsitsa kuti kuthe. Bakapu yathu ndi yokhomedwa, kuti wakuba akaipeza asawerenge. Kiyi yotsegulira inali mu pulogalamu yosungira mapasiwedi, ndipo pulogalamuyo imakhala pa seva yomwe tinagwirizana kuti yapsa. Zili ngati kukhomera makiyi m'galimoto. Mnzanga anati, “Tingolowa pang'ono pa seva yeniyeni titenge, ndi mayeso chabe.” Ndinakana, chifukwa moto sukanatipatsa mwayi umenewo. Titafunsafunsa tinapeza kuti mmodzi wa mabwana anali ndi kope lina, koma pofika poti talipeza, mafayilo anali atafika kale ndipo ola lathunthu linapita pachabe. Panopa kiyi inasindikizidwa papepala, ili mu envelopu yomata m'malo awiri osiyana kunja kwa nyumba ya ofesi, pamodzi ndi chikalata cha dongosololo ndi manambala a foni a anthu ofunika. Chikalatacho nachonso chinali pa seva yomweyo.

Kubwezeretsa detabesi kunali ndi zake. Timagwiritsa ntchito PostgreSQL, ndipo bakapu ya usiku imatengedwa ndi `pg_dump`. Lamulo limeneli limatenga detabesi imodzi yokha, silitenga maakaunti a ogwiritsa ntchito omwe ali pa seva yonse. Pobwezeretsa panatuluka mizere yambiri yodandaula kuti mwini wa tebulo kulibe. Maakauntiwo amafuna lamulo lawo:

```
pg_dumpall --globals-only > globals.sql
```

Tinawapanga pamanja n'kuyambiranso. Kubwezeretsako kunatenga maola 4, ndipo nthawi yambiri sinapite pa kulowetsa deta koma pa kumanganso maindekisi, imodzi ikatha ina. Pa ulendo wotsatira tinagawa ntchitoyo:

```
pg_restore -j 8 -d mayeso bakapu.dump
```

Zinatsika kufika pa ola limodzi ndi theka. Dziwani kuti `-j` imagwira ngati bakapu inatengedwa ndi `-Fc` kapena `-Fd`, osati fayilo wamba ya SQL. Ola lomaliza linapita pa kufufuza: kuwerenga mizere ya matebulo akuluakulu, kuona nthawi ya inivoisi yomalizira, ndi kuitana munthu wa ku akaunti kuti ayese yekha. Wotchi inaima pa maola 26.

Inivoisi yomalizirayo ndi yomwe inaulula za RPO. Bakapu imatengedwa kamodzi, 1 koloko usiku. Seva ikafa 4 koloko masana, zonse zomwe anthu alowetsa kuyambira m'mawa zapita, ndipo ikafa usiku bakapu isanayambe, ndi ntchito ya tsiku lonse. Choncho RPO yathu yeniyeni inali maola 24, osati ola limodzi. Kuti ufike pa ola limodzi pa PostgreSQL, pamafunika bakapu ya mtundu wina, ya `pg_basebackup`, ndi kumatumiza kunja mafayilo a WAL mosalekeza, omwe amalemba kusintha kulikonse. Ndi ntchito yoonjezera, ndipo mabwana ndi amene ayenera kunena ngati ntchito ya tsiku limodzi ingalowetsedwenso kuchokera pa mapepala kapena ayi. Athu anati ayi, ndiye tikukonza.

Imelo yobiriwira ya usiku ija sindiikhulupiriranso. Imangonena kuti fayilo yalembedwa, sinena kuti ingabwezeretsedwe. A GitLab, kampani yomwe anthu amasungirako makodi a mapulogalamu, zinawaonekera pa 31 Januwale 2017, pomwe deta ya detabesi yawo yaikulu inafufutidwa mwangozi. Atapita ku bakapu anapeza kuti `pg_dump` yakhala ikulephera mwakachetechete, chifukwa inali ya 9.2 pomwe detabesi inali ya 9.6, ndipo maimelo ochenjeza sankafika. Anapulumukira kope lomwe linatengedwa maola 6 m'mbuyomo, ndipo za maola amenewo zinatayika. Amenewo ndi akatswiri, ndiye ife tisamadalire imelo. Bwezeretsani, wotchi ili m'manja.

Chomwe chinatithandiza kwambiri pokonza chinali kusiya kuona magigabaiti 400 ngati mtolo umodzi. Detabesi ndi magigabaiti 60 okha, otsalawo ndi makalata ojambulidwa omwe munthu amawatsegula mwa apo ndi apo. Magigabaiti 60 pa intaneti yomweyo ndi mphindi 80. Ndiye m'dongosolo latsopano detabesi imatsika poyamba, anthu ayambe ntchito, makalata azibwera pambuyo. Tinaikanso kope lachitatu pa makina ena mu ofesi momwemo, kuti tikhale ndi makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi lili kunja. Kope la mu ofesilo ndi la tsiku lomwe disiki yafa kapena munthu wafufuta tebulo, koma pa moto silithandiza, ndipo akaunti ya seva yaikulu ilibe mphamvu yolifufuta, poopa mapulogalamu aja okhoma mafayilo n'kufuna dipo.

Chifukwa cha zimenezi chikalata tsopano chili ndi ma RTO atatu m'malo mwa imodzi. Seva ikafa nyumba ili bwino, maola 4. Nyumba ikapsa, maola 6 kuti detabesi ibwerere, bola makina obwezeretserapo alipo, ndipo tinagwirizana komwe tidzawatenge, chifukwa kugula seva yatsopano si nkhani ya maola. Makalata ojambulidwa, maola 24. Manambala awiri oyambawo tinawayesa ndi wotchi, ndipo pa lachiwirilo ndinasiya mpata, popeza tsiku lenileni munthu amakhala wotopa ndipo foni siileka kulira.

Bwana wina sanakondwe kuona 6 pomwe panali 4, anafunsa ngati sitingangosiya nambala yakale kuti lipoti lioneke bwino. Ndinamuonetsa pepala la nthawi, mzere ndi mzere, ndi kumuuza zomwe zingafunike kuti 4 itheke pa moto: intaneti yothamanga kuposa iyi, kapena seva yachiwiri yodikirira kwina. Anasaina 6.

Mayeso otsatira ali pakatha miyezi itatu, ndipo sindidzakhudza kiyibodi. Adzachita ndi mnzanga amene sanalembe nawo dongosololo, akutsatira pepala lokha, ine nditagwira wotchi n'kumalemba paliponse pomwe waima kuti afunse. Lamulo losamutsira mafayilo ku gawo lotchipa tsopano limadikira masiku 30, ndipo aliyense wofuna kulisintha ayenera kupeza siginecha ya amene amayang'anira chikalatachi.